Masidari a mneni wa malembo atatu: tingawalosere bwanji?

Aneni atatu awa a Chiarabu amaoneka ngati ana a mimba imodzi: dakhala, analowa, fataha, anatsegula, kataba, analemba. Aliyense ali ndi malembo atatu, ndipo lembo lililonse lili ndi fatha. Koma tikafuna dzina la ntchito yomwe mneniyo akunena, aliyense amalowera kwake. Kulowa ndi dukhuul (دُخُول), kutsegula ndi fat-h (فَتْح), kulemba ndi kitaaba (كِتَابَة). Dzina lotereli ndi lomwe pa phunziro la sarafu timalitcha masidari. Limatchula ntchito yokha, osanena amene waichita kapena nthawi imene yachitika. M'nkhani ino liwu lalitali tikulilemba ndi malembo awiri, monga uu mu dukhuul, ndipo kachizindikiro ' kakuimira aini kapena hamuza.

Kwa ife olankhula Chichewa vuto limayambira pa chizolowezi. Ife tikafuna dzina la ntchito timangoika ku- kutsogolo kwa tsinde: kulowa, kutsegula, kulemba. Palibe mneni amene amakana. Komabe tikaganiza bwino, nafenso tili ndi mayina ena ochokera kwa aneni omwe satsata njira imodzi. Kulima kumabala ulimi, kukonda kumabala chikondi, kufa kumabala imfa. Mlendo wophunzira Chichewa sangadziwe yekha kuti timati imfa osati chifo. Ayenera kumva kwa eni ake. Ngakhale zili choncho, akamva ulimi, usodzi ndi ulembi, amayamba kuona kuti mayina a ntchito zopezera ndalama amakonda kuyamba ndi u- ndi kuthera ndi -i. Masidari a Chiarabu a mneni wa malembo atatu ali chomwecho. Pali zizolowezi zamphamvu zotithandiza kulosera, koma mawu omaliza ndi a zomwe zinamveka kwa Aarabu.

Tinene msanga kuti chovutachi chili pa mneni wa malembo atatu wopanda zoonjezera basi. Aneni oonjezeredwa malembo ali ndi njira yowongoka: 'allama amapereka ta'liim, aslama amapereka islaam, istaghfara amapereka istighfaar, ndipo mneni wina aliyense wooneka ngati awa amachita chimodzimodzi. Amenewo tidzawaona padera.

Akatswiri a sarafu amayeza mawu ndi malembo atatu, faa, aini ndi laamu. Muyesowu amautcha wazani, koma ife m'kalasi timakonda kuutcha chikombole, poti umagwira ntchito ngati chikombole cha njerwa: dothi limasintha, maonekedwe a njerwa ndi omwewo. Tikanena kuti dukhuul ali pa chikombole cha fu'uul, tikutanthauza kuti lembo loyamba lili ndi dhwamma, lachiwiri lili ndi dhwamma yotalikitsidwa ndi wawu, kenaka lembo lachitatu. Thirani malembo a kharaja m'chikombole chomwecho, mutulutsa khuruuj.

Mafunso awiri a maonekedwe

Mukakumana ndi mneni watsopano, muikeni m'nthawi yakale, ndipo muyang'ane lembo lapakati. Lili ndi fatha, kasira kapena dhwamma? Kenaka funsani ngati mneniyo ndi woyambukira kapena wosayambukira, monga munaphunzirira pa malamulo a Chichewa: kodi ntchitoyo imagwera pa chinthu china, kapena imathera mwa mwininkhani?

Mneni woyambukira, kaya pakati pali fatha kapena kasira, amakonda chikombole chachifupi kwambiri, fa'l (فَعْل), chomwe lembo lake lapakati lili ndi sukuni. Daraba, anamenya, amapereka darb. Akala, anadya, amapereka akl. Fahima, anamvetsa, ali ndi kasira pakati, koma poti munthu amamvetsa chinthu, masidari ake ndi fahm. Sami'a, anamva, amapereka sam'.

Mneni wosayambukira ndiye amene lembo lapakati limamuweruza. Akakhala ndi fatha pakati, yembekezerani fu'uul (فُعُول). Ambiri mwa aneni awa amanena za kusuntha kwa thupi kapena kakhalidwe kake: nazala, anatsika, nuzuul, sakata, anakhala chete, sukuut. Apa muli ndi mwayi, chifukwa mawu awiri a gululi mwakhala mukuwatchula kuyambira ku madirasa. Sajada amapereka sujuud ndipo raka'a amapereka rukuu'. Amene amaiwala chikombole ichi angokumbukira sujuud.

Akakhala ndi kasira pakati, yembekezerani fa'al (فَعَل), fatha ziwiri zotsatizana. Aneni awa kawirikawiri amanena zomwe zimamugwera munthu kwa kanthawi, mumtima kapena m'thupi: fariha, anasangalala, farah, ghadiba, anakwiya, ghadab, ta'iba, anatopa, ta'ab, marida, anadwala, marad. Samalani pano, chifukwa polemba popanda zizindikiro fa'l ndi fa'al amaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kwake kuli m'kamwa. Wowerenga farh m'malo mwa farah waonetsa kuti sanafunse ngati mneniyo ndi woyambukira.

Akakhala ndi dhwamma pakati, funso la kuyambukira silifunikanso, pakuti aneni onse a mtundu wa fa'ula ndi osayambukira. Amanena za chikhalidwe chokhazikika. Zikombole zake zodziwika ndi ziwiri, fu'uula ndi fa'aala: sahula, chinaphweka, suhuula, sa'uba, chinavuta, su'uuba, fasuha, analankhula momveka bwino, fasaaha, shaju'a, analimba mtima, shajaa'a. Palibe chizindikiro chodalirika chosankhira pakati pa ziwirizi, ndipo kunena zoona gulu ili ndi lomwe lamulo lake ndi lofooka kuposa onse. Hasuna amapereka husn, kabura amapereka kibar, jamula amapereka jamaal. Aneni a dhwamma omwe mungakumane nawo kusekondale si ambiri, choncho ife timalangiza kungowaloweza pamodzi ndi masidari awo.

Tanthauzo limaposa maonekedwe

Tikanalekera pamenepa, mukanalemba kuti nabaha, galu anauwa, amapereka nubuuh, poti ndi wosayambukira ndipo ali ndi fatha pakati. Koma Aarabu amati nubaah. Chifukwa chake n'chakuti pali matanthauzo ena omwe ali ndi zikombole zawozawo, ndipo tanthauzo likapezeka limagonjetsa maonekedwe. N'chifukwa chake funso la tanthauzo, ngakhale talifika mochedwa m'nkhani ino, ndi loyamba kufunsa pogwira ntchito.

Ntchito ya manja kapena udindo zimalowa mu fi'aala (فِعَالَة). Zara'a, anabzala, amapereka ziraa'a, ulimi. Tajara amapereka tijaara, malonda. Khalafa, analowa m'malo mwa wina, amapereka khilaafa. Apa ndi pamene kitaaba wathu uja akupeza kwawo: kulemba inali ntchito ya anthu ake, ngati ulembi m'Chichewa. Ndipo taonani kuti zara'a, pokhala woyambukira, alinso ndi zar', kubzala kwenikweniko. Mlimi akabzala chimanga lero ndi zar'. Ntchito imene amadyera moyo wake wonse ndi ziraa'a.

Kugwedezeka, kuwira ndi kuzungulira zimalowa mu fa'alaan (فَعَلَان). Ghalaa, madzi anawira, ghalayaan. Khafaqa, mtima unagunda, khafaqaan. Daara, chinazungulira, dawaraan. Taara, chinauluka, tayaraan, mawu omwe lero amalembedwa pa makampani a ndege m'mayiko a Aarabu. Akatswiri akale anaona kuti mawuwa amamveka ngati zomwe akunena: fatha zitatu zotsatizana popanda sukuni wopumira, ngati madzi obwata mumphika. Chikombole ichi ophunzira sachiiwala akangochimva kamodzi.

Matenda amalowa mu fu'aal (فُعَال): su'aal, chifuwa, zukaam, chimfine, sudaa', mutu. Maphokoso amagawana zikombole ziwiri, fu'aal yemweyo ndi fa'iil. Galu ali ndi nubaah, munthu wokuwa ali ndi suraakh, wolira ali ndi bukaa', pomwe hachi ali ndi sahiil ndipo bulu ali ndi nahiiq. Mukalosera phokoso, mwachepetsa zosankha kufika pa ziwiri, koma yomaliza ikhala ya mtanthauziramawu.

Pa chifuwa paja pali msampha wa makutu athu. Chifuwa ndi سُعَال, ndi aini. Funso ndi سُؤَال, ndi hamuza. Chichewa chilibe malembo onse awiri, choncho ambiri timawatchula mofanana, ndipo wophunzira wofuna kunena kuti ali ndi funso amatha kuuza mphunzitsi kuti ali ndi chifuwa.

Alipo matanthauzo ena, monga mitundu ya zinthu, humra kufiira ndi khudra kubiriwira, komanso kukana, monga ibaa'. Awa sapezeka kawirikawiri m'mabuku athu, ndiye tingowatchula.

Tiyese pa nkhani ya telala

Tiyerekeze kuti m'ndime ya mayeso muli nkhani ya telala wa pamsika. Anakhala pansi, jalasa, anadula nsalu, qata'a, anasoka, khaata, anamva ludzu, 'atisha, anamwa madzi, shariba, anapita kwawo, dhahaba. Funso likuti tipereke masidari a mneni aliyense.

Jalasa: kodi ndi ntchito ya manja, phokoso, matenda kapena kugwedezeka? Ayi. Pakati pali fatha, ndipo munthu sakhala chinthu, amangokhala. Tikulosera juluus, ndipo ndi zoona.

Qata'a: tanthauzo lapadera palibe, koma wadula nsalu, ndiye ndi woyambukira. Tikulosera qat'. Ndi zoona.

Khaata: apa funso la tanthauzo layankha kale, kusoka ndi ntchito ya manja. Lembo lapakati lomwe likuoneka ngati alifu kwenikweni ndi yaa, monga tikuonera m'nthawi yatsopano, yakhiitu. Tithira khaa, yaa ndi twaa mu fi'aala, titulutsa khiyaata. Ndi zoona.

'Atisha: kasira pakati, wosayambukira, ndipo ludzu ndi chinthu chomugwera munthu kwa kanthawi. 'Atash. Ndi zoona.

Shariba: kasira pakati, woyambukira ngati fahima, ndiye tikulosera sharb. Titsegule mtanthauziramawu. Mawu omwe anthu amagwiritsa ntchito ndi shurb, ndi dhwamma. Chikombole tachiyandikira, poti sukuni ali pamalo pake, koma liwu loyamba talakwa.

Dhahaba: fatha pakati, wosayambukira, kusuntha kwa thupi ngati kharaja. Chilichonse chikuloza kwa dhuhuub. Koma mawu odziwika ndi dhahaab.

Anayi takhoza, awiri taphonya. Chochititsa chidwi n'chakuti m'mabuku akuluakulu a mawu monga Lisanul Arabi, sharb ndi dhuhuub alimo ndithu, kutanthauza kuti lamulo silinatinamize kotheratu; Aarabu ena ananenapo choncho. Koma pa mayeso ndi polemba kalata, lembani shurb ndi dhahaab, chifukwa ndiwo amene owerenga akuyembekezera.

Onaninso aneni amene atiphonyetsa: kumwa ndi kupita, mawu a tsiku ndi tsiku. Umu ndi mmene zimakhalira kawirikawiri. Aneni otchulidwa pafupipafupi ndiwo amakonda kuswa lamulo. 'Alima, anadziwa, akanatsata fahima tikanati 'alm, koma timati 'ilm. Shakara amapereka shukr, komwe kumachokera shukran. Dhakara amapereka dhikr, hafiza amapereka hifz, talaba amapereka talab, rahima amapereka rahma, rakiba amapereka rukuub ngakhale munthu amakwera chinthu. Zimenezi zili ndi ubwino wake. Mawu oswa lamulowa ambiri mumawadziwa kale, pomwe mneni wachilendo amene mwakumana naye koyamba ndiye amakhala ndi mpata waukulu womvera chikombole.

Pa nkhani imeneyi akatswiri amasiyanitsa zinthu ziwiri: samai, zomwe zinamveka kwa Aarabu, ndi kiyasi, kuyeza chinthu pofanizira ndi chinzake. Maganizo omwe amanenedwa kuti ndi a Sibawayihi, mwini buku lakale lotchuka la malamulo a Chiarabu, ndi akuti kiyasi timamugwiritsa ntchito pokhapokha pamene sitinamve kanthu. Ngati masidari anamveka, amenewo ndiwo olondola, ngakhale ataswa lamulo. Ibunu Maliki, yemwe anamwalira ku Damasiko mu 1274, anasanja zikombole zimenezi m'mutu wakewake m'buku lake la Alifiya, ndipo dongosolo lomwe mabuku a sukulu amatsata lero silisiyana kwenikweni ndi lakelo.

Mneni mmodzi, masidari awiri

Funso la kuyambukira lili ndi phindu lina lomwe ife timaliona kuti ndi lalikulu kuposa kukhoza mayeso. Aneni ena amagwira mbali zonse ziwiri, ndipo masidari ndi amene amaulula mbali yomwe ikunenedwa. Waqafa akatanthauza kuti munthu anaima yekha, masidari ake ndi wuquuf. Akatanthauza kuti anaimitsa chinthu, ndi waqf. Choncho kuima pa Arafa pa nthawi ya Haji kumatchedwa wuquuf, pomwe kuimitsa mawu powerenga, komanso chuma chomwe munthu wachiimitsa kuti chisagulitsidwe koma chithandize anthu, zimatchedwa waqf. Wasala ndi chimodzimodzi. Kufika pamalo ndi wusuul. Kulumikiza chinthu ndi chinzake ndi wasl, ndipo n'chifukwa chake hamuza yolumikiza mawu ija munaiphunzira pa tajiwidi imatchedwa hamzatul wasl. Raja'a akakhala kubwerera ndi rujuu', akakhala kubweza chinthu ndi raj'.

Wina afunsa za dakhala. Timati dakhala al-bayta, analowa m'nyumba, popanda mperekezi pakati, ndiye akuoneka ngati woyambukira. Bwanji masidari ake ndi dukhuul? Yankho la akatswiri ambiri ndi lakuti poyamba panali mperekezi fii amene anagwa chifukwa chotchulidwa kawirikawiri, ndipo mneniyo mumtima mwake ndi wosayambukira. Chichewa chingakuthandizeni kuyesa. Timati kulowa m'nyumba, kufika kumudzi, kukhala pampando. Mu-, ku- ndi pa- akuonetsa kuti chotsatiracho ndi malo. Ngati m'Chichewa mneni wa kusuntha akufuna mu, ku kapena pa, yesani fu'uul poyamba.

Aneni a alifu pakati amachoka pang'ono pa njirayi. Fu'uul amalemera pa lilime pakakhala wawu kapena yaa pakati, choncho ambiri osayambukira amatembenukira ku fa'l kapena fi'aal: naama, anagona, nawm, qaama, anaimirira, qiyaam, ndipo saama, anasala, ali ndi onse awiri, sawm ndi siyaam. Musanathire m'chikombole, bwezani alifuyo ku lembo lake lenileni poyang'ana nthawi yatsopano kapena mtanthauziramawu. Qaala amakhala yaquulu, ndiye qawl. Baa'a amakhala yabii'u, ndiye bay'.

Kulakwa kumene timakuona kwambiri m'makope ndi kusokoneza masidari ndi dzina lochulukitsa, chifukwa fu'uul ndi chikombolenso cha zambiri: quluub ndi mitima, buyuut ndi nyumba zambiri. Wophunzira amatenga darasa, anaphunzira, n'kulemba duruus. Koma duruus ndi maphunziro ambiri, kuchulukitsa kwa dars. Kuphunzira ndi dars kapena diraasa. Mafunso athu akanamupulumutsa, pakuti munthu amaphunzira chinthu, ndipo woyambukira sayembekezeka mu fu'uul. Powerenga, njira yosavuta yodziwira ndi kuyesa kumasulira ndi ku-. Ngati chiganizo chikumveka mukaika kulowa, kutuluka, kukhala, ndiye ndi masidari, monga pa chikwangwani cha pakhomo cholembedwa mamnuu' ad-dukhuul, kulowa n'koletsedwa. Mawu ena amagwira zonse ziwiri. Huduur akhoza kukhala kupezekapo, akhozanso kukhala anthu omwe apezekapo, ndipo chiganizo chokha ndicho chimaweruza.

Potsimikiza zomwe mwalosera, dziwani pomwe mtanthauziramawu amabisa masidari. Mu Al-Mu'jam al-Wasit, wa bungwe la Chiarabu la ku Kairo, masidari amabwera atangotha mneni, ali ndi tanuwini ya fatha: mukaona جُلُوسًا pambuyo pa jalasa, chotsani tanuwiniyo mutsale ndi juluus. Mu mtanthauziramawu wa Hans Wehr, wa Chiarabu ndi Chingerezi, muyamba mwapeza tsinde la malembo atatu. Pambuyo pa mneni pali kalembo kamodzi, a, i kapena u, kosonyeza liwu lapakati la nthawi yatsopano, ndipo masidari ali m'mabulaketi motsatira. Mukapeza awiri kapena atatu, werengani matanthauzo onse, chifukwa nthawi zambiri lililonse lili ndi ake, monga tinaonera pa waqafa.

Kuyambira teremu ino tikupempha kuti m'kope la mawu atsopano mneni aliyense wa malembo atatu alembedwe m'mizere itatu: nthawi yakale, nthawi yatsopano ndi masidari, monga jalasa, yajlisu, juluus. Mzere wachitatuwo muyambe mwaudzaza ndi pensulo musanatsegule mtanthauziramawu. Pomwe mwakhoza, pititsanipo cholembera. Pomwe mwaphonya, musafufute: lembani mawu olondola pambali ndi inki yofiira, ndipo kumapeto kwa mlungu muwerenge mokweza ofiirawo okha.